Kutsegula akaunti yosungira ndalama popanda pepala la malipiro kapena bilu ya magetsi

Anthu ambiri a m'mawodi athu amabwerera pakhomo la banki akangomva kuti pakufunika pepala la malipiro a pamwezi ndi bilu ya ESCOM kapena ya madzi. Komatu chimene banki imafuna si mapepalawo. Malamulo olimbana ndi ndalama zachinyengo, omwe Reserve Bank of Malawi imaonetsetsa kuti mabanki akuwatsata, amafuna kuti banki idziwe zinthu zitatu: kuti ndinu yani, mumapezeka kuti, ndipo ndalama zanu mumazipeza bwanji. Bilu ndi pepala la malipiro ndi njira imodzi chabe yoyankhira mafunsowa.

Funso loyamba limayankhidwa ndi chiphaso cha unzika chochokera ku NRB, chimene munthu amalandira akakwanitsa zaka 16. Tengani chiphaso chenichenicho, osati fotokope yokha. Tenganinso nambala ya foni imene simukhadi yake inalembetsedwa m'dzina lanu, chifukwa uthenga wonse wa ndalama zolowa ndi zotuluka uzibwera pamenepo. Nambala ya amuna anu kapena ya mwana wanu isalowe pa fomu.

Pa nkhani ya kokhala m'pamene ambiri amakodwa. Tiyerekeze mayi wogulitsa tomato pamsika, amene amachita lendi chipinda chopanda mita ya magetsi ndipo wasamuka kawiri chaka chino. Mayiyu apite kwa nyakwawa, kapena kwa mfumu ya dera lake ngati ali m'tauni, akapemphe kalata yomuchitira umboni. M'kalatamo mukhale dzina lake lonse, nambala ya chiphaso, mudzi, mfumu yaikulu, boma, tsiku, siginecha ndi chidindo. Dzina lilembedwe ndendende monga lilili pa chiphaso. Mafumu athu amatidziwa ndi maina a kumudzi, ndipo n'kosavuta kuti alembe Nabanda pamene chiphaso chikunena dzina lina. Kalata yotero ikhoza kubwezedwa, ndipo ndalama ya thiransipoti imapita pachabe. Iwerengeni musanachoke pabwalo la mfumu.

Mabanki ambiri amapemphanso kuti mujambule mapu osonyeza njira ya kwanu. Yambirani pa chinthu chosasuntha, monga sukulu, tchalitchi, mzikiti kapena mjigo, ndipo sonyezani pokhotera paliponse mpaka pakhomo. Jambulani pamene mukugona lero, ngakhale mukudziwa kuti mudzasamuka. Mukasamuka, kauzeni a banki asinthe.

Pa funso la kapezedwe ka ndalama, lembani zoona: geni ya tomato, ulimi, ganyu. Ngati mayi uja amapindula K15,000 pa sabata, alembe kuti amapeza pafupifupi K60,000 pa mwezi. Ngati amalimanso soya ndipo amayembekezera K400,000 nthawi imodzi akakolola, anene zimenezo pa tsiku lotsegula lomwelo. Akabisa, ndalama yaikuluyo ikadzalowa mwadzidzidzi banki ili ndi ufulu womufunsa kumene yachokera, ndipo angachedwe kuitapa. Lisiti la kwa wogula mbewu, ziphaso za msonkho wa pamsika zimene khonsolo imadula, ngakhale buku la kubanki mkhonde, zimathandiza kutsimikizira mawu anu. Ziphaso za pamsikazo ambiri amangozitaya madzulo, pamene ndi umboni wabwino wakuti mumachitadi geni.

Palinso maakaunti amene anakonzedwera anthu otere, monga Pafupi ya NBS Bank ndi Ufulu ya FDH Bank, amene safuna mapepala ambiri ndipo mumatha kuikamo kapena kutapamo ndalama kwa ejenti. Kuphweka kwakeko kuli ndi mtengo wake: akaunti zotsegulidwa ndi umboni wochepa zimakhala ndi malire a ndalama zimene zingasungidwemo kapena kutapidwa pa tsiku. Kwa mayi wathu, malirewo ndi oyenera kuwafunsa soya asanagulitsidwe.

Musanasaine, funsaninso ndalama imene iyenera kutsala mu akaunti nthawi zonse, imene amadula pa mwezi, ndi imene amadula mukatapa. Ngati amadula K1,000 pa mwezi inu n'kumasunga K5,000, ndiye kuti pa chaka K12,000 mwa K60,000 yanu yapita, ndipo chiwongoladzanja cha akaunti wamba sichingabweze ndalama imeneyo. Zikatero funani akaunti yopanda chodula cha pamwezi, ngakhale ejenti wake atakhala patali pang'ono.

Poika ndalama kwa ejenti, musachoke mpaka uthenga wa banki utafika pa foni yanu ndipo chiwerengero chake chafanana ndi cha pa lisiti. Nambala yachinsinsi ilembeni nokha pa makina kapena pa foni. Ejenti ngakhale wogwira ntchito kubanki alibe chifukwa choifunsira.