Mtengo wakale pafoni, mtengo watsopano pakauntala

Mu Novembala 2023, mphamvu ya kwacha itachepetsedwa ndi 44 peresenti, mwini sitolo ina ya zipangizo zomangira anandiimbira foni ali wokwiya. Ndine amene ndinawakonzera webusaiti. Bambo wina anali atafika kudzagula malata, foni ili m'manja, akuloza mtengo wa mwezi wathawo. Mwini sitolo atatsegula tsamba lomwelo pakompyuta yawo anapeza mtengo watsopano umene tinaika dzulo lake. Onse awiri ankanena zoona. Wolakwa ndinali ine, ndipo cholakwacho chinali mzere umodzi wokha umene ndinalemba pa seva.

Kuti mumvetse mzerewo, ganizirani zimene zimachitika mukatsegula tsamba la pa intaneti. Bulawuza, yomwe ndi pulogalamu yotsegulira masamba monga Chrome kapena Firefox, simalandira chinthu chimodzi. Imapempha kaye fayilo ya tsambalo, kenako zithunzi, fayilo ya mitundu ndi kayalidwe ka tsamba, ndi tina tambiri. Zonsezi zimachokera ku seva, kompyuta yosunga webusaiti, yomwe nthawi zambiri imakhala kutsidya kwa nyanja. Tinene kuti zonse pamodzi ndi mamegabayiti awiri. Mukamatsegula tsambalo tsiku lililonse kwa mwezi wathunthu n'kumakoka zonse mwatsopano, mamegabayiti 60 a bandulo yanu apita pa zithunzi zomwezomwezo.

N'chifukwa chake bulawuza ili ndi kankhokwe kake m'foni mwanu, kamene pa sikirini kamalembedwa kuti `cache`. Imasungamo zimene yakoka kuti mawa ingotapa pafupi. Koma ingadziwe bwanji kuti chosungidwacho chikadali chabwino? Imauzidwa ndi seva. Fayilo iliyonse imabwera ndi timizere ta malangizo timene inu simutiona, totchedwa maheda. Pa fayilo ya mitengo ya sitolo ija ndinalemba kuti:

```
Cache-Control: max-age=2592000
```

Nambalayo ndi masekondi, ndipo mukawerengera ndi masiku 30. Tanthauzo lake n'lakuti bulawuza isunge fayiloyo n'kumaigwiritsa ntchito kwa mwezi wathunthu osafunsanso. Pamenepa ndi pagona liwiro lonse. Pa ulendo wachiwiri palibe kudikira netiweki, palibe bandulo yodyedwa, chinthucho chimangotuluka m'foni momwemo. Koma vuto lagonanso pomwepo. Seva ilibe njira yoitanira foni yanu kuti, "Zija ndinakupatsa zasintha." Imangoyankha ikafunsidwa, ndipo ine ndinali nditauza foni ya bambo aja kuti isafunse. Iwo anatsegula mitengo masiku angapo kwacha isanagwe, choncho foni yawo ikanapitiriza kuwaonetsa mitengo yakaleyo kwa milungu ina itatu kapena kuposerapo. Ngakhale ndikanasintha malangizowo pa seva ola lomwelo, foni zimene zinasunga kale sizikanamva.

Pali njira ina yofatsa, yomwe ndikanayenera kutsata. Seva imatha kupatsa fayilo chizindikiro chotchedwa `ETag`, chimene chimasintha fayiloyo ikasintha. Bulawuza imasunga fayilo pamodzi ndi chizindikiro chake, ndipo ulendo wotsatira imafunsa kuti, "Ndili ndi iyi, kodi ikadali yomweyo?"

```
If-None-Match: "a41f9c"
```

Ngati palibe chasintha, seva imayankha `304 Not Modified`, kayankho kochepa kwambiri kopanda fayilo, ndipo bulawuza imatapa m'nkhokwe. Ngati chasintha, imayankha `200 OK` n'kutumiza fayilo yatsopano. Bandulo imapulumuka ndithu, koma nthawi ya ulendo wokafunsa ndi kubwerera imatayikabe, ndipo kumene netiweki imavuta mumaimva. Tsamba likakhala ndi mafayilo 40, aliyense n'kumafunsidwa payekha, kuchedwako kumaoneka.

Lamulo louza bulawuza kuti izifunsa nthawi zonse ndi `no-cache`, ndipo dzinali lasokoneza anthu ambiri. Silitanthauza kuti usasunge. Limatanthauza kuti sunga, koma usagwiritse ntchito usanafunse. Loletseratu kusunga ndi `no-store`, loyenera masamba a kubanki kapena a zachipatala, makamaka poti ambiri timabwerekana foni ndi makompyuta.

Wina angaganize kuti kusalemba malangizo alionse ndiye kupewa mavuto. Ayi. Seva ikangotchula tsiku limene fayilo inasinthidwa komaliza koma osanena za nthawi yosunga, bulawuza imaloledwa kudziganizira yokha, ndipo kawirikawiri imatenga gawo limodzi mwa magawo khumi a nthawi imene fayiloyo yakhala osasinthidwa. Fayilo imene yakhala masiku 100 ili chimodzimodzi ingasungidwe masiku khumi osafunsa. Sukulu yosintha ndandanda ya fizi kamodzi pa teremu ingagwe m'mbuna imeneyi popanda amene walembapo kanthu.

Nanga amene amaidziwa ntchitoyi amatani kuti apeze liwiro popanda kunamiza owerenga? Amagawa mafayilo pawiri. Fayilo ya tsamba lenileni, imene imatchula maina a mafayilo ena onse, amaipatsa `no-cache`. Zithunzi ndi mafayilo a kayalidwe amazipatsa chaka chathunthu:

```
Cache-Control: max-age=31536000, immutable
```

Chinsinsi chake chili pa dzina. Fayilo yotere saisinthanso m'kati. Ikafunika kusintha amaipatsa dzina latsopano, mwachitsanzo `style.7d2e.css` n'kukhala `style.b913.css`. Tsamba, poti limafunsidwa ulendo uliwonse, limabwera likutchula dzina latsopanolo, ndipo bulawuza, poti dzinalo siinalionepo, imakoka mwatsopano. Yakale ija imangotsala m'nkhokwe mpaka itachotsedwa. Mukalakwitsa apa, tsamba latsopano limakumana ndi kayalidwe kakale: mabatani amasanjikizana, zithunzi zimaphimba mawu, kwa munthu mmodzi zikuoneka bwino, kwa mnzake zasokonekera.

Ku sitolo kuja ndinachita zomwezo madzulo a tsiku lomwelo. Mwayi wanga unali woti tsamba loyamba ndinali ndisanaliike pa masiku 30. Ndinatcha fayilo ya mitengo dzina latsopano lokhala ndi deti, ndinasintha linki yake, ndipo ndinalemba tsiku la mitengoyo pamwamba penipeni, kuti wogula aziona yekha ngati zimene akuwerenga n'zakale. Amene anasunga linki yakale pafoni ndiwo anapitirizabe kuona zakale mpaka masiku awo atakwana. Mwini sitolo anagulitsa malata aja pa mtengo wakale pofuna kusunga kasitomala, ndipo zinandiwawa kuti anataya ndalama chifukwa cha mzere wanga.

Ngati mumakonza mawebusaiti, mutha kuona zimene zikuchitika. Mu Chrome ya pakompyuta dinani F12, sankhani `Network`, kenako tsegulani tsambalo. Pamene pa danga la kukula kwa fayilo palembedwa `(disk cache)` kapena `(memory cache)`, ndiye kuti seva siinafunsidwe n'komwe. Pamene pali `304`, inafunsidwa n'kuvomereza kuti yakale ikadali yabwino.

Inu ongowerenga, mukaona kuti tsamba likunena zosiyana ndi zimene mnzanu akuona, musayambe mwakangana. Pakompyuta dinani Ctrl, Shift ndi R pamodzi, kuti bulawuza isiye zosungidwa n'kukoka zonse mwatsopano. Pafoni tsegulani tsambalo mu `Incognito`, yomwe imayamba ndi nkhokwe yopanda kanthu. Ndipo ngati nkhaniyo ndi ya mtengo, fizi kapena tsiku la mayeso, chitani zimenezi musanakwere minibasi.