ZIMENE MAKINA A HOLTER AMANENA ZA MTIMA WANU

Munthu akadandaula kuti mtima wake umathamanga kapena umadumpha, kaŵirikaŵiri pofika kuchipatala mtimawo umakhala utadekha, ndipo dokotala sapezapo kanthu. Nchifukwa chake pali kamakina kamene wodwala amapita nako kunyumba. Kamatchedwa Holter potengera dzina la amene anakapanga, Norman Holter, wasayansi wa ku Montana m'dziko la Amereka. Pachifuŵa amamatapo timapepala tingapo tokhala ndi mawaya, ndipo kamakinako kamalemba kugunda kulikonse kwa mtima kwa maola 24. Wodwala amauzidwa kuti asakanyowetse, agwire ntchito monga mwa masiku onse, ndipo azilemba m'kabuku zimene akuchita ndi zimene akumva, pamodzi ndi nthaŵi yake.

Kuti timvetse lipoti lotuluka pamenepo, tiyeni tiyerekeze kuti tili ndi la bambo wa zaka 45, mphunzitsi wa kusukulu ya pulaimale, amene wakhala akumva mtima ukuchita ngati waima pang'ono, makamaka akagona.

Mzere woyamba ukunena kuti tsiku lonse mtima wa bamboyu unagunda ka 108,000. Tsiku lili ndi mphindi 1,440, ndipo tikagaŵa timapeza 75. Imeneyi ndiyo nambala yolembedwa pa mawu akuti Average HR, ndiko kunena liŵiro la pakatikati, usana ndi usiku zitaphatikizidwa. Mtima wa munthu wamkulu akapumula umagunda pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi, chotero 75 ili pabwino. Nambalayi ikadakhala yoposa 100, dokotala akadafunsa chimene chikuuthamangitsa mtima ngakhale kutulo. Nthaŵi zambiri chifukwa chake sichikhala mumtima momwemo: kungakhale kutentha thupi, kuchepa kwa magazi, kapena chithokomiro cha pakhosi chogwira ntchito mopitirira muyeso.

Mzere wachiŵiri, Min HR, ndiwo umadetsa nkhaŵa anthu ambiri, pakuti umaonetsa pamene mtima unayenda pang'onopang'ono koposa. Kwa mphunzitsi wathu palembedwa 48. Wina angadzidzimuke poona kuti 48 sikufika pa 60 paja. Komatu pambali pa nambalayo pali nthaŵi, 3:40 usiku, ndipo kabuku kakusonyeza kuti bamboyu anali m'tulo. Mtima umatsika liŵiro munthu akagona, ndipo anthu athanzi ambiri, makamaka achinyamata ndi ozoloŵera kuthamanga, amafika m'ma 40 usiku popanda vuto lililonse. Nambala yomweyo ikadapezeka 10 koloko m'maŵa, munthu ali chiimire m'kalasi, naona chizungulire, nkhani ikadakhala ina. Apo dokotala akadafunsa za mankhwala amene akumwa, chifukwa ena a kuthamanga kwa magazi amachepetsa liŵiro la mtima, ndipo akadayang'ana ngati uthenga wa magetsi ukuyenda bwino mumtimamo.

Mzere wachitatu, Max HR, ukuti 132 pa 4:30 madzulo. M'kabuku bamboyu analemba kuti nthaŵi imeneyo ankakwera chitunda pa njinga pochokera kusukulu. Pali kaŵerengedwe kongoyerekeza kakuti liŵiro lalikulu la mtima wa munthu ndi 220 kuchotsapo zaka zake. Kwa munthu wa zaka 45 ndiye kuti 175. Motero 132 pa chitunda ndi mtima wogwira ntchito yake. Dokotala amaonanso mmene liŵirolo linakwerera. Mtima wothamanga chifukwa cha ntchito umakwera pang'onopang'ono ndi kutsika chimodzimodzi. Koma ngati munthu wakhala pampando, mtima nkudumpha mwadzidzidzi kuchoka pa 75 kufika pa 170, kenaka nkubwerera mwadzidzidzinso, pamenepo pali kagundidwe kolakwika kofunika kukafufuza.

Tsono tifike pa chimene chinamtengera bamboyu kuchipatala. Mtima uli ndi zipinda zinayi, ziŵiri zam'mwamba ndi ziŵiri zam'munsi. M'chipinda cham'mwamba cha kudzanja lamanja muli kamalo kamene kamatsogolera kugunda konse, monga ng'oma yotsogolera gule. Nthaŵi zina malo ena a mtima amayamba okha nthaŵi isanakwane. Kugunda kofulumira kotereku kumapeza zipinda zisanadzaze magazi, chotero kumaponya magazi ochepa, ndipo chala chogwira pamkono sichimva kanthu. Pambuyo pake mtima umadikira pang'ono, nudzaza kwambiri, nugunda mwamphamvu. Kudikirako ndi kugunda kwamphamvuko ndi zimene munthu amamva nati mtima wadumpha. Kunena zoona palibe kugunda kumene kwatayika, kwangobwera msanga.

Kugunda kofulumira kochokera m'zipinda zam'mwamba kumalembedwa PAC kapena SVE, ndipo kochokera m'zipinda zam'munsi kumalembedwa PVC kapena VE. Lipoti la mphunzitsi wathu likuti PAC 60, PVC 540. Nambala ya 540 imamveka yaikulu mpaka titaiika pambali pa 108,000: ndi kugunda kumodzi pa 200 kulikonse. Anthu ambiri athanzi akavala kamakinaka amapezeka ndi kugunda kotere, ngakhale amene sanamvepo kalikonse. Kusoŵa tulo, nkhaŵa, fodya ndi moŵa zimatha kukuchulukitsa, ndipo kumamveka kwambiri usiku pamene kunja kuli zii.

Madokotala amatchera khutu kugunda kwa PVC kukafika pa kumodzi mwa khumi kulikonse, ndiye kuti kwa bamboyu ka 10,800 pa tsiku, pakuti kukapitirira chotero kwa nthaŵi yaitali kumatha kufooketsa mnofu wa mtima. Amasamalanso kukabwera katatu kapena kuposa motsatizana, ndiponso kukapezeka mwa munthu amene mtima wake unadwalapo kale. Zikatero amaunika mtima ndi makina ooneramo mkati. Chinanso chimene amafuna m'lipoti ndi mpata wautali koposa pakati pa kugunda kuŵiri. Wa mphunzitsi wathu sunafike masekondi aŵiri. Mpata wa masekondi atatu kapena kuposa, munthu ali maso, sauonerera.

Apa ndi pamene kabuku kaja kamaonetsa phindu lake. Bamboyu analemba kuti pa 9:15 usiku anamva mtima ukudumpha. Dokotala atatsegula zolemba za mphindi imeneyo anapeza PVC imodzi yokha pakati pa kugunda kwabwino. Funso layankhidwa: chimene amamva ndi kugunda kofulumira, ndipo nkochepa.

Makinaŵa nawo amalakwa. Kapepala kakamatuka ndi thukuta, kapena waya akamagwedezeka, makina angaŵerenge phokosolo ngati mtima wothamanga 200, kapena kutayika kwa uthenga ngati mtima woima. Nchifukwa chake wodziŵa ntchitoyi amayang'ana ndi maso mizere yojambulidwa pa nthaŵi imeneyo asanakhulupirire nambala. Ndiponso lipoti limanena za tsiku limodzi lokha. Ngati vuto lanu limabwera kamodzi pa mwezi, nkusabwera tsiku limene munavala kamakinako, lipoti labwino silinalitsutse. Mufotokozereni dokotala, pakuti pali makina ovala masiku ambiri. Holter sayeza kuthamanga kwa magazi kumene ambiri amati bipi.

Mukalandira lipoti lanu, funsani dokotala nthaŵi imene nambala yotsika ndi yokwera zinapezeka, ndipo muziyerekeze ndi kabuku kanu. Koma ngati kudumpha kwa mtima kukubwera ndi kukomoka, kupweteka pachifuŵa kapena kubanika, musadikire lipoti. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Tsalani bwino.