Maondo a agogo akamalira

Bondo likamauma m'mawa kwa mphindi zosapitirira 30, likamalira pokwera chitunda, nthawi zambiri ndi nyamakazi yobwera chifukwa cha kuperepeseka kwa chichereŵechereŵe. Kungokhala kumawonjezera vuto, chifukwa minofu ya ntchafu imafooka.

Tiyerekeze mayi wa zaka 68, wolemera makilogalamu 80. Akatsitsako makilogalamu 4 mpaka 8, ululu umachepa ndithu. Aziyenda pamalo athyathyathya mphindi 10, n'kumawonjezera pang'onopang'ono. Azikhala pampando n'kudzuka kakhumi osagwira kanthu, kawiri patsiku.

Kupweteka pang'ono si vuto. Koma ululu ukafika mawa lake, achepetseko. Bondo likatupa, kutentha, thupi n'kutentha, pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo.