Katuni yako isakubere nkhope

Mwezi wathawu ndidadzijambula ndi foni kugombe la Senga Bay, ndipo chithunzicho ndidachilowetsa m'kapulogalamu kosandutsa nkhope kukhala katuni. Zidatuluka zokongola ndithu. Koma nditaika katuniyo pa WhatsApp, mlongo wanga adandilembera kuti: “Achimwene, foni yanu yabedwa kodi? Nanga mnyamata ali apayu ndi ndani?”

Sadalakwe. Ine ndili ndi kadazi, nsidze zochindikala ndi mpata pakati pa mano akutsogolo. Kapulogalamuko kadatseka mpatawo, kadandimeretsa tsitsi, khungu nkuliyeretsa. Kadachotsa zonse zimene anthu amandidziwira.

Apa mpomwe pagona nkhani. Munthu sitimuzindikira ndi zomwe akufanana ndi anzake, koma ndi zomwe akusiyana nawo. M'chaka cha 1982, mayi wina wotchedwa Susan Brennan, ali pasukulu ya ukachenjede ya MIT ku America, adapanga pulogalamu yoyeza kusiyana kwa nkhope ya munthu ndi nkhope ya anthu wamba, kenako nkukulitsa kusiyanako. Ojambula makatuni m'nyuzipepala amachita zomwezo ndi cholembera. Jambulani chipewa, magalasi akuda ndi litchowa basi, aliyense anena kuti ndi Kamuzu.

Tsono ndidayambiranso. Ndidazindikira kuti chithunzi choyamba chija ndidachijambula nditafulatira nyanja, kuwala konse kuli kumbuyo, choncho nkhope idada bii ndipo kapulogalamuko kadangopeka zomwe sikadaone. Foni idalinso pafupi kwambiri, zomwe zimakulitsa mphuno. Ulendo uno ndidaima pamthunzi, kuyang'ana komwe kukuchokera kuwala, mnzanga nkundijambula ataima masitepe awiri kuchokera pomwe ndidali, ine ndikumwetulira kuti mano aoneke.

Kenako ndidafunsa aphunzitsi anzanga kuti atchule zinthu zitatu zomwe angandifotokozere nazo kwa mlendo. Dazi, nsidze, mano. Nkhani ya mphuno, yomwe imandidetsa nkhawa pagalasi, palibe adaitchula.

Ndidasankha pulogalamu yolola kusintha chiwalo chimodzichimodzi. Ndidayamba ndi kaumbidwe ka mutu ndi mtundu weniweni wa khungu langa, kenako ndidakweza malire a tsitsi ndi kuchindikalitsa nsidze pang'ono kuposa momwe zilili. Mpata wa mano padalibe posankha, ndiye ndidaulemba ndekha ndi kamzere kakuda. Zina zonse ndidazisiya, chifukwa ukakulitsa chilichonse palibenso chimene chimaonekera.

Mayeso ake ngosavuta. Chepetsani katuniyo ifanane ndi chikhadabo, muonetse munthu wokudziwani osamuuza kanthu. Akachita kuganizira, bwererani mukakonze.

Chenjezo nlimodzi: kukulitsa kuli ndi malire. Dazi langa ndingaliseke ndekha, koma kutenga chithunzi cha mnzako nkukulitsa chilema chake popanda chilolezo si luso, ndi chipongwe.

Katuni yachiwiriyo ndidaitumizanso kwa mlongo wanga uja. Adangoyankha kuti: “Eya, dazi ilo ndi la kwathu.”