Waya ndi yemweyo, koma dimba likhoza kukula kawiri

Mbuzi zadya mpiru wa kudimba kawiri konse, ndiye mwalimba mtima n'kugula waya wa mamita 40. Ndalama zathera pomwepo, woonjezera palibe. Funso latsala limodzi: zikhomo mukhome pati kuti mpanda uzinge malo aakulu?

Ambiri timaganiza kuti popeza waya ndi yemweyo, malonso akhala omwewo, kaya mpanda ukhale wosongoka kaya wofanana mbali zonse. Apa m'pamene timataya malo khasu tisanaligwire.

Tiyeni tiyeze. Kukula kwa dimba la ngodya zinayi timakupeza pochulukitsa mulitali ndi mulifupi, ndipo yankho limakhala m'masikweya mita. Sikweya mita imodzi ndi kachigawo ka mita imodzi uku, mita imodzi uku. Mukamanga mamita 18 mulitali ndi 2 mulifupi, waya yense watha, koma mwazinga masikweya mita 36 okha, kanjira chabe. Mamita 15 ndi 5 akupatsani 75. Mamita 12 ndi 8 akupatsani 96. Mukafananitsa mbali zonse zinayi, iliyonse mamita 10, mupeza 100, ndipo palibe mpanda wina wa ngodya zinayi umene ungapose pamenepa.

Chifukwa chake mukhoza kuchiona pojambula ndi kamtengo padothi. Yambani ndi dimba la 10 ndi 10. Chotsani mamita 2 mulifupi kuti muwaonjezere mulitali. Mzere umene mwataya ndi wa mamita 10 ndi 2, omwe ndi masikweya mita 20. Mzere umene mwaonjezera kumapeto ndi wa mamita 8 ndi 2 basi, chifukwa dimba lachepa kale mulifupi, ndiye mwapeza 16. Mwaluza 4. Nthawi zonse chotayika chimakhala nambala imene mwasunthayo mukaichulukitsa ndi iyo yomwe: kusuntha mamita 2 kutaya 4, kusuntha 5 kutaya 25, kusuntha 8 kutaya 64. Choncho kuphonya pang'ono sikupweteka, koma mpanda ukamatalika, malo amatha mofulumira.

Nkhani imasintha pakakhala khoma. Tiyerekeze kuti kuseri kwa nyumba kuli mpanda wanjerwa wotalika mamita 20 kapena kuposa, ndipo waya afunika mbali zitatu zokha. Munthu amene waloweza kuti mbali zizifanana agawa wayayo patatu, mamita 13 ndi kachidutswa, n'kupeza masikweya mita pafupifupi 178. Akhala atataya malo. Njira yabwino ndi kutulutsa mbali ziwiri za mamita 10 kuchokera kukhoma, kenako mbali yoyang'anizana ndi khomayo ikhale ya mamita 20. Pamenepo dimba lafika pa 200, kuwirikiza kawiri la pamtetete lija.

Kuti mumvetse, tengani khomalo ngati galasi loyang'anira. Mpanda wanu pamodzi ndi chithunzi chake m'galasimo zikupanga mpanda umodzi wa mamita 80. Taona kale kuti mpanda wotere umazinga malo aakulu mbali zikafanana, ndiye kuti 20 ndi 20. Theka la malowo ndi lanu, ndipo thekalo ndi la mamita 20 ndi 10.

Nanga mpanda wozungulira? Uwu ndiye umaposa yonse pamalo opanda khoma: waya wa mamita 40 amazinga masikweya mita pafupifupi 127. Khola la ng'ombe lozungulira, longa limene makolo ankamanga, limasunga ziweto zambiri ndi mitengo yochepa. Vuto lake n'lakuti waya amayenda mowongoka pakati pa mizati iwiri, motero kuti mpanda uzunguliredi pamafunika mizati yambiri yoyandikana, komanso mabedi a ndiwo sakwanamo bwino m'mphepete.

Cholakwika china chimachitikira pangodya. Mbali zonse zikhoza kukhala mamita 10 ndendende koma mpanda n'kupendekeka, ndipo ukapendekeka mpaka ngodya ina kufika madigiri 60, malo amatsika kufika pa 87. Musanakumbe mayenje, kokani chingwe kuchoka pachikhomo china kupita pa chopingasana nacho, kenako yezaninso zikhomo ziwiri zotsalazo. Miyezo iwiriyo ifanane, ndipo pa dimba la 10 ndi 10 uliwonse ukhale mamita 14 ndi masentimita 14.

Pa mpanda wa ngodya zinayi, lamulo loyenera kusunga pamtima ndi limodzi: theka la waya lipite ku mbali zonse za mulitali, theka linalo ku mbali zonse za mulifupi. Pamtetete zimenezi zimabala 10 ndi 10, pakhoma zimabala 20 ndi 10. Ngakhale mutafuna kugawa khola pakati kuti anapiye asasakanikirane ndi nkhuku zazikulu, werengani mizere ya waya yoyenda mbali imodzi, muipatse mamita 20, ndipo otsalawo apite ku mizere yopingasa.