Munga Ukabaya Phazi: Zomwe Zimachitika Pansi pa Khungu

Munthu akulima opanda nsapato, waponda munga wamthethe. Auzula, atukwanako pang'ono, n'kupitiriza kupalira. Pofika madzulo chidendene chatupa, chikutentha, chikugunda ngati muli mtima wachiwiri, ndipo mwini wake akuyenda motsimphina. Ambiri amati pamenepo bala "lakwiya". Koma zonsezi ndi ntchito ya thupi lomwe, ndipo imayenda mwandondomeko.

Munga ukangolowa, timitsempha ta magazi tapafupi timafinyika kwa timasekondi tochepa chabe. Kenaka maselo ena okhala m'mbali mwa mitsemphamo, amene ali ngati alonda, amatulutsa mankhwala otchedwa hisitamini. Mankhwalawa amatanukula timitsempha, ndipo magazi ambiri ofunda ochokera m'kati mwa thupi amakhamukira pamalopo. Ndiko kufiira ndi kutentha kuja. Pa khungu lakuda kufiirako nthawi zambiri sikuoneka bwino: malowo amangoderako kapena kunyezimira. N'chifukwa chake namwino wodziwa ntchito amakhudza ndi kuseri kwa dzanja, n'kuyerekeza ndi phazi linalo.

Chachiwiri n'kuchucha. Makoma a timitsempha ndi maselo oyalana mothithikana, koma hisitamini amawachititsa kukhwinyata, n'kusiya timipata. Madzi a m'magazi amatulukira pamenepo atanyamula mapuloteni olimbana ndi tizilombo komanso ena oluka ukonde wotchinga bala. Madziwo akadzaza mnofu, phazi limatupa. Ululu umabwera chifukwa kutupako kumapanikiza minyewa yomvera kupweteka, kwinaku mankhwala ena otchedwa pulositagilandini akuinola kuti izimva ngakhale kukhudza kwa nsalu. Asipirini ndi bulufeni amachepetsa ululu poletsa thupi kupanga mankhwala amenewa. Anazindikira zimenezi ndi John Vane wa ku Britain mu 1971.

Gawo lokoma kwambiri m'nkhaniyi ndi kufika kwa asilikali a m'thupi, maselo oyera a magazi. Madzi akatuluka, magazi otsala m'mitsempha amakhuthala ndipo amayenda pang'onopang'ono. Maselo oyera, omwe masiku onse amathamanga pakati, amakankhidwira kukhoma, monga zinyalala zimatsamira m'mphepete mtsinje ukaphwa. Khomalo lamera timbedza. Selo limakodwa, n'kutayika, n'kukodwanso, likugubuduka mpaka litamatirira n'kuima. Likatero limadzifinya, n'kupyola pakati pa maselo awiri a khomalo. Kunja limatsata mankhwala ochokera ku mabakiteriya ndi ku mnofu wovulala, kulondola komwe achuluka, monga galu wosaka atsatira fungo.

Zimenezi munthu anaziona ndi maso. Mu 1867 Julius Cohnheim wa ku Germany anayala kachikopa kopyapyala kogwira matumbo a chule wamoyo pansi pa maikulosikopu. Anaona mitsempha ikukula, magazi akuchepa liwiro, maselo oyera akuunjikana kukhoma, kenaka ali kunja.

Oyamba kufika amatchedwa manyutirofilu, ndipo ndi omwe amachuluka pabala kuyambira maola 6 mpaka 24. Amameza mabakiteriya, koma sakhalitsa, amafera pomwepo. Mafinya ndi mitembo yawo yosakanikirana ndi mabakiteriya komanso mnofu wosungunuka. Pakati pa maola 24 ndi 48 ntchito imapita kwa mamakirofeji, maselo akuluakulu amene amasesa bwalo ndi kuyambitsa kupola.

Zizindikiro zinayi, zomwe ndi kufiira, kutupa, kutentha ndi ululu, anazilemba pamodzi ndi Celsus wa ku Roma zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, asakudziwa n'komwe kuti kuli maselo. Chachisanu, kulephera kwa chiwalo kugwira ntchito yake, ambiri amati anaonjezera ndi Rudolf Virchow mu 1858. Kwa mlimi uja, chachisanucho ndi kutsimphina.

Ngati munga watuluka wonse ndipo bala latsukidwa ndi sopo ndi madzi aukhondo, kutupa kumayamba kuphwa pakapita masiku awiri kapena atatu. Kansonga kakatsalira m'kati, manyutirofilu amangobwerabe, mafinya n'kuunjikana, ndipo chithupsa chotere kawirikawiri chimafuna kutumbulidwa kuchipatala. Njira yapafupi yoonera ngati zinthu zikuipa ndi kuzunguliza mzere ndi bolopeni m'malire mwa kutupako madzulo. Kukacha kutupa kutalumpha mzere, kapena mwanabele atatuluka m'mphechepeche, kapena thupi lonse likutentha ndi kunjenjemera, tizilombo tapyola mpanda. Wotere apite kuchipatala tsiku lomwelo, akafunsenso za katemera wa kafumbata. Wodwala shuga asadikire n'komwe zizindikirozi, chifukwa phazi lake likhoza kuonongeka iye asakumva ululu.