Wakuitanani kuukwati ku Karonga koma thumba laperewera: mumuuza bwanji?

M'maofesi a m'tawuni mumakumana anthu ochokera m'zigawo zonse, ndipo ukwati ukafika, ambiri amakamangira kwawo. Choncho munthu wogwira ntchito ku Blantyre akhoza kulandira khadi lomuitanira ku Karonga, kuchokera kwa mnzake amene amadyera naye mbale imodzi masana aliwonse. Mtima umafuna kupita, koma thumba limakana. Apa ambiri amathawira ku mawu akuti "tionana" kapena "ndiyesetsa", poganiza kuti akusunga ubale. Mawu amenewa ndiwo amauwononga, kuposa kukana kwenikweniko.

Tiyambe ndi ulendowo, chifukwa munthu sangafotokoze bwino chimene sanachiwerengere. Kuchoka ku Blantyre kudzera ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, kutsetsereka ku Chiweta mpaka kukafika ku Karonga, ndi mtunda woposa makilomita 800. Ukwati wa Loweruka m'mawa ukutanthauza kunyamuka Lachinayi usiku kapena Lachisanu mbandakucha, ndiye kuti tsiku limodzi la ntchito lapita kale. Pa mtengo wa basi, kupita ndi kubwera, onjezanipo malo ogona masiku awiri, chakudya cha panjira, kabaza wochoka kutchalitchi kupita kuholo, nsalu ya ukwati ngati ilipo, ndiponso ndalama zofupa pa perekaniperekani. Ambiri amangowerengera basi yokha, n'kulonjeza kuti abwera, kenaka n'kudzidzimuka sabata yomaliza.

Musanagamule, funsani ngati anzanu a muofesi akusonkherana mafuta kapena kubwereka minibasi. Ulendo wogawana ukhoza kutsika mtengo mpaka inu n'kukwanitsa. Ngati ngakhale pamenepo ndalamazo zikudya lendi kapena fizi ya ana, yankho lapezeka, ndipo chatsala ndi kulipereka.

Liperekeni msanga, makamaka m'sabata yomwe mwalandira khadi. Chifukwa chake chili ku komiti ya ukwati. Komitiyo imawerenga mipando, imauza ophika chiwerengero cha mbale, ndipo kwa alendo ochokera kutali imapempha achibale malo ogona. Mnzanu akakuwerengani m'gulu la obwera, mwina wauza kale azakhali ake kuti asunge chipinda cha mlendo wa ku Blantyre. Mukakana kudakali mwezi, malo anu amapatsidwa wina popanda wodandaula. Mukakana Lachinayi madzulo, kapena foni yanu ikangozima Loweruka, mnzanuyo ndiye amachita manyazi pamaso pa abale ake, ndipo manyazi otere saiwalika msanga.

Akuluakulu anati kukana nsalu ya akulu n'kuviika, kutanthauza kuti munthu waulemu sakana poyera, amapeza chodzikhululukira. Mwambiwu uli ndi malo ake, koma pankhani iyi ndikuona kuti umasocheretsa. Amene amaviika nsalu kuofesi amapeka matenda a mwana kapena maliro a kumudzi. Tsoka lake n'lakuti mnzanu wa kuntchito mumaonana naye tsiku ndi tsiku. Adzakufunsani za wodwalayo Lolemba, anzanu ena adzafuna kusonkha chipepeso, ndipo bodzalo lidzafuna lina loti lilichirikize. Kuperewera kwa ndalama za ulendo wa ku Karonga si chinthu chachilendo kwa aliyense wolandira malipiro a pamwezi. Mnzanuyo akuudziwa msewuwo kuposa inu.

Nkhaniyi ndi yokamba pamaso, muli awiri, osati pagulu la WhatsApp la kuofesi kapena kudzera mwa munthu wina. Mukhoza kunena motere: "Achimwene, khadi lija ndalandira ndipo ndathokoza kuti mwandikumbukira. Ndawerengera ulendo wa ku Karonga, koma mwezi uno sindikwanitsa. Ndati ndikuuzeni kudakali nthawi kuti a komiti asandiwerengere. Mphatso yanga ibwera ndi anzathu amene akupita." Mwathokoza, mwakana momveka, mwatchula chifukwa kamodzi, ndipo mwasonyeza kuti dzanja lanu lidzafika. Musapitirire pamenepo n'kuyamba kundandalika ngongole zanu. Munthu amene akukonzekera ukwati ali ndi ngongole zoposa zanu, ndipo mukachulutsa madandaulo amamva ngati mukumupempha kuti akulipirireni. Pewaninso nthabwala zoti bwanji sanapangire ukwati pafupi. Malo a ukwati nthawi zambiri amasankha ndi makolo ndi ankhoswe, kotero nthabwala yotere imagwera banja lonse.

Nanga akati, "Musadandaule, thiransipoti ndikupezerani"? Apa pafunika kumvetsa bwino chimene akupereka. Ngati ndi mpando wopanda munthu m'galimoto imene ikupita kale, ndipo zotsalazo mungakwanitse, landirani. Koma ngati akufuna kutapa m'thumba la ukwati, kanani mwaulemu: "Zikomo kwambiri, koma ndalama imeneyo igwire ntchito ya ukwati." Mlendo wobwera pa ndalama za mkwati amasanduka katundu, ndipo komiti ikadzawerengera zotuluka, dzina lake limatchulidwa.

Tsopano za mphatso, pamene ambiri amalakwitsa ngakhale atakana bwino. Tiyerekeze kuti zimene mungapatule osavulaza banja lanu ndi K40 000. Pa ulendo wa ku Karonga ndalamayi siikufikitsani patali, koma m'envulopu ndi mphatso yooneka. Njira yabwino ndi kuigawa pawiri. K25 000 muipereke msanga kwa msungichuma wa komiti, pamene ndalama zikufunika pogula zinthu. K15 000 yotsalayo muiike m'envulopu yolembedwa dzina lanu, n'kupatsira mnzanu wodalirika amene akupita, kuti akaiponye woyendetsa mwambo akaitana a kuntchito kwa mkwati. Kutero dzina lanu limamveka muholo, ndipo abale a mnzanuyo amaona kuti kuntchito ali ndi anthu.

Ngati palibe amene akupita, tumizani pa Airtel Money kapena Mpamba, masiku angapo ukwati usanafike, ndipo muonjezepo ya chotapira kuti wolandira asadulidwe. Musatumize pa foni ya mkwati m'mawa wa tsiku la ukwati. Tsiku limenelo foni imakhala m'manja mwa operekeza, mauthenga amagwa ambirimbiri, ndipo wanu ukhoza kumira osaonedwa.

Pali thandizo lina limene wa kuntchito yekha ndiye angapereke. Mnzanuyo akatenga tchuthi cha ukwati, ntchito yake imatsala padesiki. Kuuza abwana kuti mumugwirira malipoti ake sabata imeneyo, kuti asamaimbiridwe foni ali kwa apongozi, ndi mphatso imene ambiri amaikumbukira kuposa mbale ndi makapu.

Zonsezi zili ndi malire. Ngati munavomera kale kukhala woperekeza mkwati, kapena muli ndi udindo m'komiti, kukana kwanu kumasiya dzenje. Pamenepo kupepesa kokha sikukwanira: pezani wolowa m'malo mwanu, ndipo ngati suti kapena diresi linasokedwa kale pa muyeso wanu, mtengo wake ndi wanu. Samalaninso ndi Loweruka la ukwatilo. Munthu amene wati alibe ndalama ya basi, n'kuika zithunzi ali kunyanja ku Mangochi tsiku lomwelo, wadzitsutsa yekha.

Mnzanuyo akabwerera kuntchito, mudzadziwa ngati pali chotsalira mumtima. Akamaonetsa ena zithunzi inu n'kukudumphani, kapena moni wake akafupika, musayambirenso kufotokoza za mtengo wa basi. Mufunseni za mwambowo, mupemphe kuona zithunzi, kenaka mufunse tsiku loti mukaone banja latsopanolo kunyumba. Popita kumeneko tengani nkhuku kapena shuga, ndipo mukalonjere mlamu wanu amene simunathe kumuvinira ku Karonga.